Ndalama za pafoni: kuwerenga sitetimenti tsiku ndi tsiku kwa ochita geni mumsika

Ambiri ogulitsa mumsika amayang'ana chinthu chimodzi pafoni akamaweruka: balansi. Ikakwera amati lero zayenda, ikatsika amati lero kunali kouma. Vuto ndi lakuti balansi siisankha. Ndalama ya kasitomala, ya mchimwene yopita kwa mayi kumudzi, ya ngongole ya sabata yatha ndiponso yanu yomwe mwangochotsa m'kachikwama n'kukaika kwa ejenti, zonsezo zimakweza balansi mofanana. Munthu akhoza kumadya mpamba wake kwa mwezi wathunthu balansi ikuoneka yonenepa.

Chimene chimaulula zoona ndi kutenga tsiku limodzi palokha, kulemba mzere uliwonse wa ndalama imene yalowa kapena kutuluka, n'kuufunsa kuti: kodi iwe ndiwe ndalama yanji? Ntchitoyi siifuna kompyuta. Kope la masamu, cholembera ndi kakyuleta ya pafoni pomwepo n'zokwanira.

Poyamba mupeze mizereyo. Kaya muli pa Airtel Money, imene mumalowa ndi *211#, kapena pa TNM Mpamba ya *444#, ndalama ikangosuntha pamabwera meseji yonena kuchuluka kwake, nthawi, nambala ya chizindikiro cha zomwe mwachitazo ndiponso balansi yatsopano. Mamesejiwo ndiwo sitetimenti yanu yoyamba, choncho musamawafufute tsiku lisanalembedwe m'kope. Mafoni ang'onoang'ono a mabatani amadzaza msanga, ndipo akadzaza meseji yatsopano siilowa, ndiye ndi bwino kufufuta za malonda a mabandulo kuti za ndalama zipeze malo. Kasitetimenti kakafupi ka m'menyu kamangoonetsa mizere yochepa yomalizira, kotero sikangakwanire tsiku lotanganidwa. Amene ali ndi foni yamakono akhoza kuona mbiri yotalikirapo pa apu ya kampaniyo, ndipo wofuna ya mwezi wonse akafunse ku ofesi yawo atatenga chiphaso cha unzika. Pini yanu musampatse aliyense amene akuti akuthandizani kutulutsa sitetimenti.

Chenjerani ndi dongosolo la mizere. Masitetimenti ena amayamba ndi zaposachedwa n'kumabwerera m'mbuyo. Inu m'kope muyambe ndi za m'mawa, chifukwa tifuna kutsatira balansi momwe inkayendera.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato ndi anyezi, amene amapikula kwa anthu obwera ndi katundu kuchokera ku Lizulu. Ndalama zodulidwa zimene zili m'chitsanzochi ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke. Mitengo yeniyeni imasintha, ndipo mudzaipeza pa chikwangwani cha ejenti kapena pa mameseji anu omwe. Mayiyu wadzuka Lachisanu pafoni pali K42,300, ndipo tsiku lake layenda chonchi:

| Nthawi | Chachitika | Ndalama | Balansi |
|---|---|---|---|
| 5:48 | watumiza kwa mwini tomato | K30,000 | K11,900 |
| 8:15 | walandira kwa kasitomala | K6,500 | K18,400 |
| 9:40 | walandira kwa wa lesitilanti | K12,000 | K30,400 |
| 11:05 | wagula mayunitsi a foni | K1,000 | K29,400 |
| 12:30 | watapa kwa ejenti | K5,000 | K24,100 |
| 13:20 | walandira kwa mchimwene | K15,500 | K39,600 |
| 14:10 | watapa kwa ejenti | K15,000 | K23,900 |
| 15:45 | walandira kwa kasitomala | K8,000 | K31,900 |
| 16:30 | watapa kwa ejenti | K5,000 | K26,600 |
| 17:50 | waika kwa ejenti | K38,000 | K64,600 |
| 19:10 | wagula mayunitsi a ESCOM | K5,000 | K59,600 |
| 20:05 | watumiza ku banki mkhonde | K10,000 | K49,400 |

Wagona ndi K49,400, kusonyeza kuti balansi yakwera ndi K7,100. Tisafulumire kuombera m'manja.

Tiyambe ndi zodulidwa, chifukwa ndizo zimabisala. Meseji ina imanena poyera kuti akudulani zingati, ina imangonena ndalama yomwe mwatumiza ndi balansi basi. Musadalire kuti auzeni. Tengani balansi ya mzere wam'mwamba, chotsani balansi ya mzere womwe mukuwunika, kenako chotsani ndalama imene munatumiza kapena kutapa. Chotsalacho ndicho akudulani, kuphatikizapo msonkho uliwonse ngati ulipo. Pa mzere woyamba, K42,300 kuchotsa K11,900 ndi K30,400. Mayiyu anatumiza K30,000, ndiye K400 yapita ku kampani. Pa 12:30, K29,400 kuchotsa K24,100 ndi K5,300, pamene m'manja analandira K5,000; yotapira ndi K300. Mukatero mizere yonse mupeza K700 pa 14:10, K300 ina pa 16:30 ndi K200 pa 20:05. Mizere ya mayunitsi m'chitsanzo chino ilibe chodulidwa, koma muziiyesabe, osangoganiza. Zonse pamodzi ndi K1,900.

Zodulidwazi zikhale ndi danga lakelake m'kope. Mukazisakaniza ndi ndalama yotumizidwa, n'kulemba kuti tomato munapikula K30,400, mtengo wa katundu umaoneka wokwera ndipo simudzadziwa kuti foniyo ikukudyerani zingati pa mwezi.

Tsopano zolowa, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Lachisanu limeneli mwalowa K80,000 yonse, koma ndi ya mitundu inayi. K6,500 ndi K12,000 ndi malonda a lero, pamodzi K18,500. K8,000 ya 15:45 yachokeradi kwa kasitomala, koma ndi mayi amene anatenga tomato pangongole Lolemba. Katunduyo anatuluka Lolemba, ndipo ngati munalemba kale malonda a tsikulo, kuiwerenganso lero ndi kudzinamiza kawiri. K15,500 ya mchimwene ndi yongodutsa: K15,000 ya mankhwala a mayi awo kumudzi, ndi K500 imene anaikapo kuti ikhale yotapira. Ndiye pali K38,000 imene anakaika yekha kwa ejenti madzulo. Imeneyi si ndalama yatsopano ayi. Inali kale yake, inangosamuka kuchoka m'kachikwama ka m'chiuno kupita pafoni.

Sitetimenti payokha singakuuzeni kusiyana konseku. Imangoonetsa nambala kapena dzina la wotumiza, nthawi zina dzina la mwamuna wake wa kasitomala kapena la mwana amene anabwereketsa foni. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna kuchitika tsiku lomwelo, mukadakumbukira kuti K8,000 ija inali ya ndani. Pakatha masabata awiri mudzangoyang'ana dzina lachilendo n'kumakanda m'mutu.

Palinso msampha wina umene umagwira anthu ambiri. Kasitomala wina alibe ndalama pafoni, ndiye amapita kwa ejenti wa kwawo n'kupereka ndalama kuti aike pa nambala yanu. Kwa inu imafika ngati ndalama yoika, yofanana ndendende ndi imene mumaika nokha madzulo, koma ndi malonda. Muizindikira poona nthawi ndi dzina la ejenti: ngati pa nthawiyo munali pa benchi, ndipo ejentiyo si amene mumapitako, si inu munaika. Ilembeni ku malonda.

Zotuluka nazo zili pawiri. Pali zimene zapita kwa anthu ena: K30,000 ya tomato, K1,000 ya mayunitsi a foni, K5,000 ya magetsi ndi K10,000 ya banki mkhonde, pamodzi K46,000. Ndiye pali zotapa, K25,000. Kutapa pakokha si kuwononga ndalama, monganso kuika si kupeza ndalama. Funso ndi lakuti itatuluka inapita kuti. K5,000 ya masana inalowa m'kachikwama kuti ikhale chenji, choncho idakali mu geni. K15,000 inapita kwa mayi awo aja. K5,000 ya 16:30 inagula ufa ndi ndiwo za kunyumba. Pambali pa mzere uliwonse lembani chilembo chimodzi: G ngati ndi za geni, N ngati ndi za kunyumba, D ngati ndi zongodutsa.

Musanapite patsogolo, tsimikizani kuti tsikulo latseka bwino. Lamulo lake ndi ili:

```
balansi ya m'mawa + zolowa - zotumiza - zotapa - zodulidwa = balansi ya usiku
42,300 + 80,000 - 46,000 - 25,000 - 1,900 = 49,400
```

Zagwirizana ndi meseji yomaliza, ndiye palibe mzere wosowa. Zikapanda kugwirizana, musayambirenso zonse mwachisawawa. Yang'anani kukula kwa kusiyanako, chifukwa kumalozera kumene kuli vuto. Kukakhala kochepa, ngati K200 kapena K300, kawirikawiri ndi chodulidwa chimene mwachiphonya. Kukakhala ndendende kuwirikiza kawiri ndalama ina ya m'kopemo, mwachitsanzo K16,000 pamene pali mzere wa K8,000, ndiye kuti mwaika yolowa ku zotuluka. Kusiyanako kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kayikirani kuti mwatembenuza manambala polemba, monga kulemba 5,600 m'malo mwa 6,500. Kusiyana kwake ndi 900. Kukakhala nambala yosamveka kwina kulikonse, tsatirani balansi mzere ndi mzere mpaka mupeze pamene unyolo waduka, pamene balansi yadumpha popanda meseji yofotokoza. Pamenepo pali meseji imene sinafike, kapena ndalama yabwezedwa chifukwa kutumiza kunalephereka, kapena kampani yadula yokha ngongole ya pafoni imene munatenga. Ngongole yoteroyo ikamalowa si malonda, ndipo pobweza, chiwongoladzanja chake chipite ku danga la zodulidwa.

Unyolo womwewu ndiwo umagwira akuba a mameseji abodza. Munthu amakutumizirani meseji yooneka ngati ya kampani, yonena kuti mwalandira K20,000, kenako amaimba akudandaula kuti watumiza molakwika, mumubwezere. Kapena amaima pa benchi n'kukuonetsani meseji pafoni yake kuti walipira. Meseji yoona siichokera pa nambala ya munthu wamba, ndipo balansi yake imalumikizana ndi ya mzere wam'mbuyo. Wabodza sadziwa kuti munali ndi K30,400, ndiye balansi imene angalembe siingagwirizane. Mukakayika, funsani balansi nokha pa menyu katundu asanachoke pa benchi.

Kufika apa tangoona foni. Koma tomato wambiri amagulitsidwa ndi ndalama za m'manja, ndiye kachikwama nako kawerengedwe. Mayiyu anayamba tsiku ndi K4,000 m'kachikwama, ndipo usiku, ataika kale K38,000 ija, mwatsala K6,500. Masana anatulutsamo K2,500 ya tikiti ya msika ndi mnyamata wonyamula katundu, komanso K1,500 ya nkhomaliro. Kuti tipeze malonda a m'manja, tiphatikize zotsala, zoika kwa ejenti ndi zimene anagwiritsa ntchito: K6,500, K38,000 ndi K4,000 zikupanga K48,500. Pamenepo tichotse zimene sizinachokere kwa makasitomala, ndizo K4,000 ya m'mawa ndi K5,000 ya chenji imene anatapa. Yatsala K39,500. Tikaphatikiza ndi K18,500 ya pafoni, malonda a Lachisanu ndi K58,000.

Taonani kuti nambala imeneyi siikuoneka paliponse pa sitetimenti. Amene angowerenga zolowa anganene K80,000. Amene angaphatikize K38,000 yoika ndi malonda a m'manja angawerenge ndalama imodzi kawiri.

Nanga phindu? Za geni zimene zatuluka lero ndi K30,000 ya tomato, K2,500 ya tikiti ndi wonyamula, K1,000 ya mayunitsi oimbira makasitomala, ndi zodulidwa za G zokha, K400 ndi K300. Pamodzi K34,200, ndipo pa K58,000 patsala K23,800. Tinene kuti tomato yense watha. Komabe anyezi amene wagulitsa lero anapikula Lachitatu, ndipo mtengo wopikulira wa amene watuluka lero ndi K12,000. Ndalama imeneyo iyenera kubwerera kukapikula anyezi wina. Phindu lenileni ndi K11,800.

Tsopano tiwerenge za N. Nkhomaliro K1,500, ufa ndi ndiwo K5,000, magetsi K5,000, banki mkhonde K10,000, zodulidwa K300 ndi K200. Palinso K200 ina yobisika: mchimwene anaika K500 yotapira, koma kutapa K15,000 kwadya K700, ndiye mayiyu waonjezera yake osadziwa. Zonse ndi K22,200. Geni yabala K11,800, nyumba yatenga K22,200. Mpamba wachepa ndi K10,400 pa tsiku lomwe balansi inakwera ndi K7,100. Chinakweza balansi ndi ngongole ya Lolemba imene yabwezedwa, ndi anyezi amene wasanduka ndalama. Zoona, K10,000 ya banki mkhonde sinatayike, ndi yosunga. Koma mawa m'mawa kwa mwini tomato siipezeka.

Tsiku limodzi lotere silipha geni, pakuti magetsi ndi banki mkhonde sizilipidwa tsiku lililonse. Ndiye chifukwa chake masiku amaikidwa moyandikana. Kumapeto kwa kope sungani tsamba limene tsiku lililonse limatenga mzere umodzi wokha: malonda, zodulidwa, zoika, zotapa, za kunyumba. Pakatha sabata mudzaona ngati nyumba ikutenga mopitirira phindu, ndiponso tsiku limene zodulidwa zimakwera. Nthawi zambiri limakhala tsiku lopikula kapena tsiku limene munatapa kangapo pang'onopang'ono.

Tibwerere ku K1,900 ija, pakuti ili ndi phunziro lake. K1,300 mwa iyo ndi yotapira. Kutapa ndiko kumadula kwambiri kuposa kutumizirana pa netiweki imodzi, pamene kuika kwa ejenti sikulipiritsidwa. Ndiye taonani zimene mayiyu anachita madzulo: pa 16:30 analipira K300 kuti atape K5,000 ya ndiwo, kenako pa 17:50 anapita kwa ejenti ndi K38,000 ya m'manja. Ndalama inali m'chiuno mwake nthawi yonseyo. Akanangotenga K5,000 m'kachikwama, n'kulemba N m'kope, n'kukaika K33,000, K300 ija ikanatsala. Anthu amachita izi ndi cholinga chabwino, chosafuna kugwira ndalama ya geni, koma ya pafoniyo nayonso ndi ya geni. Chimene chimasiyanitsa ndi kulemba, osati malo amene ndalamayo yachokera. K300 pa masiku 26 a msika pa mwezi ndi K7,800.

Dziwaninso kuti zodulidwa zimayenda m'magulu: kuyambira ndalama yakuti kufika yakuti, mtengo ndi umodzi. Kutapa kawiri K5,000 nthawi zambiri kumadya zambiri kuposa kutapa K10,000 kamodzi, ndipo kupitirira malire a gulu ndi K100 yokha kukhoza kukulowetsani mu mtengo wapamwamba. Jambulani kapena koperani chikwangwani cha mitengo cha kwa ejenti, muchimate m'chikuto cha kope. Chimenecho chidzakuthandizaninso pouza achibale yotapira yoyenera, m'malo mongoti "muikepo kenakake". Ndipo ngati mwini katundu amalandira pafoni, kumutumizira kumaposa kutapa n'kukamupatsa m'manja. Koma mugwirizane msanga kuti yotapira yake alipira ndani, chifukwa ena amaifuna kwa inu. Akaifuna, ilembeni ku zodulidwa za geni, ngakhale pa sitetimenti ioneka ngati gawo la ndalama yotumizidwa.

Amene ali ndi malayini awiri, Airtel Money ndi Mpamba, aliyense akhale ndi tsamba lake ndipo atseke payekha. Mukasamutsa ndalama kuchoka pa layini ina kupita pa inzake, kapena kupita ku akaunti yanu ya ku banki, imaoneka yotuluka uku ndi yolowa uko. Si malonda ndipo si kugula. Chenicheni chimene chachitika ndi chodulidwa chokha. Za tsiku, tsatirani nthawi yolembedwa mkati mwa meseji, osati nthawi imene yafika pafoni. Netiweki ikavuta, meseji ya usiku ikhoza kufika m'mawa, ndipo mukaiika pa tsiku lolakwika masiku awiri onse sadzatseka.

Ngati pakhomo pali mwana wodziwa Excel kapena Google Sheets, akhoza kulemba tsiku mu danga A, mtundu mu danga B ndi ndalama mu danga C, chodulidwa chilichonse pa mzere wakewake. Kenako, tsiku lofunidwa likalembedwa mu E2, fomula iyi imaphatikiza zodulidwa za tsikulo:

```
=SUMIFS(C:C, A:A, E2, B:B, "zodulidwa")
```

Kusintha mawu omalizawo kukhala "zoika" kapena "zotapa" kumapereka magulu enawo. Koma mwanayo sangadziwe kuti K8,000 inali ya ngongole. Mtundu wa mzere uliwonse muzimuuza ndinu.

Mukapeza ndalama yotuluka imene simukuidziwa, ndipo mwafunsa onse apakhomo amene amagwira foniyo, lembani nambala ya chizindikiro, tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwake, sinthani pini nthawi yomweyo, ndipo mukadandaule ku kampaniyo msanga. Nambala ya chizindikiro ndiyo amafufuzira, choncho musapite popanda iyo. Mukatapa kwa ejenti, musachoke meseji isanafike, ndipo muone ngati ndalama yolembedwa ikufanana ndi imene ili m'manja mwanu. Yotapira imadulidwa pafoni, ndiye ejenti akafunanso ina ya m'manja, funsani chifukwa chake.

Musayambe ndi mwezi wonse, mudzatopa pa tsiku lachitatu. Tengani mameseji a lero lokha, mupeze balansi imene munagona nayo dzulo, mulembe mizereyo ndi zilembo zake G, N ndi D, ndipo muwerenge za m'kachikwama musanagone.